Madontho a Soro Pakhonde la Apongozi

Ntchito yanga ndi ya ng'ombe. Ndine tekiniko wa ziweto m'boma la Tsangano, ndipo masiku anga ambiri amathera m'makola, kuthothola nkhupakupa, kubaya katemera, ndi kuyang'ana magazi a ng'ombe zodwala. Ndili ndi mikirosikopiyo yakale yoyendera kuwala kwa dzuwa, yokhala ndi kagalasi pansi, imene ndimaimangirira kumbuyo kwa mota, njinga yanga yamoto, m'bokosi lake lamatabwa. Agalu ndinkawagwira kamodzi pachaka, nyengo ya katemera wa chiwewe. Za matenda awo ena ndinaphunzira kusukulu, ndinakhoza mayeso, kenaka ndinaziika pambali.

Apongozi anga amakhala ku Ntengo-Wambalame, kumapeto kwa mudzi, kumene minda ya kachewere imayambira. Ndi amasiye, ndipo khutu lawo lakumanzere linagontha kalekale. Galu wawo wakale ndiye ankawamvera zonse: mbuzi zikalowa m'dimba, mlendo akafika, munthu akayandikira nkhokwe. Galuyo atafa ndi ukalamba, achimwene awo anawapatsa tiagalu tiwiri ta mimba imodzi, kakuda kakakazi ndi kofiira kakamuna.

Ine ndi apongozi tinali tisanakhalepo pamphasa imodzi. Ndikafika pakhomo pawo ndinkanjuta patali, iwo n'kumayankha moni atayang'ana kumbali, monga mwambo umafunira. Akafuna kundiuza kanthu ankaimbira foni mwana wawo, mkazi wanga, amene amaphunzitsa ku Furancungo, ndipo iye ndiye ankandiimbira ine. Mawu ankayenda ulendo wautali chotero ngakhale ine ndili mudzi woyandikana nawo. Zaka zisanu ndi zitatu tinakhala choncho, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Mawu a tsiku limenelo anadzeranso komweko. Unali mwezi wa Julyu, wozizira mpaka m'mafupa, anthu akukumba kachewere.

"Amayi akuti kagalu kakuda kakufa," anatero mkazi wanga. "Kakusanza, kakutsegula m'mimba zamagazi. Akuti wina wakathirira mankhwala a makoswe, ndipo akumudziwa."

"Akuti ndani?"

"Bambo aja a kumunsi, amene analimbana nawo za malire chaka chatha. Akufuna kupita kukawanena. Chonde pitani musanamve kuti kwayambika mlandu."

Ndinafunsa kuti kayamba liti. Anati dzana kanangokana kudya, kakugona pansi pa nkhokwe. Dzulo kanayamba kusanza. Lero m'mawa ndiye magazi. Nditamva ndondomeko imeneyo ndinaizindikira. Ndinadzera kufarimasiya, ndinagula mabotolo a soro ya Ringer, amene ndi madzi a diripi, machubu ake, siringa yobayira, mankhwala oletsa kusanza, antibiyotiko ndi timabotolo ta gulukozi. Makateteri ang'onoang'ono, timapaipi tolowetsa mumtsempha, anali atatsala awiri okha, ndipo ndinatenga onsewo.

Fungo linandilonjera ndisanatsike pamota. Amene analimvapo saliiwala: fungo la magazi ovunda, lotsekemera moipa, lokakamira m'mphuno. Kakuda kanali pachiguduli pakhonde, maso atalowa m'kati. Kofiira kanabwera kudzandinunkhiza mwaulesi, kanagwedeza mchira kawiri, n'kubwerera kukagona padzuwa. Mbale yake ya chakudya inali yosakhudzidwa.

Ndinanjuta patali, ndinapereka moni. Apongozi anayankha ali pakhomo la khitchini.

"Mwaona zimene andichita, bambo?"

"Ndaona, amayi. Ndiloleni ndiyambe ndakayeza."

Ndinatsina khungu la pakhosi pa kakuda n'kulisiya. Linakhala chiimire ngati nsalu yonyowa, kenaka linabwerera pang'onopang'ono. Nkhama zake zinali zotuwa ndi zomata. Nditazidina ndi chala, kufiira kunachedwa kubwerera, kupitirira masegundu awiri. Mtima unkathamanga koma kugunda kwake m'ntchafu kunali kofooka. Ndinakaika m'thumba, ndinakapachika pasikelo ya kachewere: sinku kilu, makilo asanu. Kofiira kanali kakadali ndi madzi m'thupi, koma nditakayeza kutentha, terimometiro inakwera mpaka kwarenta, madigiri makumi anayi.

Ndinaboola nsonga ya khutu la kalikonse, ndinatenga dontho la magazi, ndinalipaka palamina, kachidutswa ka galasi koikira magazi pamikirosikopiyo. Malaminawo ndinawasiya kuti aume. Kakuda sikanali koyembekezera mayeso.

Apa ndi pamene mwambo unayamba kutithina. Kulowetsa kateteri mumtsempha wa kagalu kouma madzi si ntchito ya munthu mmodzi. Pamafunika wina wogwira mwendo, wofinya pamwamba pa chigongono kuti mtsempha utupe. Ndinayang'ana uku ndi uku. Anthu onse anali kuminda.

"Amayi," ndinatero, maso ali pansi, "pepani. Ndikufuna manja ena."

Anachoka pakhomo la khitchini. Kenaka anamanga bwino chitenje, anabwera, anagwada mbali inayo ya chiguduli. Mitu yathu inatsala pang'ono kugundana. Ndinawaonetsa pogwira, ndipo chala changa chinakhudza chawo. Tonse tinachita ngati sitinamve. Manja awo anali olimba, osanjenjemera, manja a munthu amene wabereketsapo mbuzi zambiri. Kateteri analowa ulendo woyamba.

Botolo ndinalipachika pamsomali wa denga la khonde. Mamililita zana oyamba ndinawatsegulira kuti alowe msanga, m'mphindi makumi awiri, kuti magazi ayambenso kuyenda. Kenaka ndinayezanso. Nkhama zinayamba kuonetsa mtundu, kugunda kwa m'ntchafu kunamveka bwinoko. Ndinawerengera pakapepala. Kagalu ka makilo asanu kouma chotere kataya madzi pafupifupi mamililita mazana anayi. Pamenepo ndiwonjezere amene thupi limafuna tsiku lililonse ngakhale lili bwino, ndiponso amene kapitirize kutaya posanza ndi potsegula m'mimba. Zonse pamodzi zinayandikira lita imodzi tsiku loyambalo. Ndinathira gulukozi m'botolo, chifukwa kagalu kosadya shuga wake amatha msanga, ndipo ndinachepetsa kagudumu ka pachubu mpaka dontho lizigwa kamodzi pa masegundu asanu.

"Muziwerenga, amayi. Dontho likagwa, muwerenge mpaka zisanu, ligwe lina. Likamathamanga mundiitane. Likaima mundiitanenso."

"Bwanji osangotsegula kuti amwe msanga? Mwana wa ludzu sitimupatsa madzi ndi supuni."

"Akalowa ambiri nthawi imodzi amakadzaza m'mapapo. Mukaona kakupuma mothamanga, kapena madzi oyera akutuluka m'mphuno, ndiye kuti tapitiriza."

"Nanga mankhwala opha chiphecho ali kuti?"

Ndinati ndiyambe ndaona magazi. Ndinathira malamina utoto umene ndimagwiritsa ntchito pa ng'ombe, ndinawatsuka, ndinaika mikirosikopiyo pampando pabwalo n'kutembenuza kagalasi kuloza dzuwa.

M'magazi muli tizinthu tofiira tambirimbiri, ndipo pakati pake pamakhala tina tochepa, tokulirapo, timene utoto umatipaka pakati kuti tioneke tobiriwira. Kusukulu tinkati lewukosito. Anthu amati asilikali a m'magazi. Kwa galu wabwino, ukayang'ana bwalo limodzi la mikirosikopiyo ndi diso lake lokulitsa mwapakatikati, umapeza atatu, asanu, mwina asanu ndi atatu. Ine ndimawerenga mabwalo khumi. Si kuwerenga kwa makina a kulaboratoriyo, ndi kuyerekeza chabe, koma ukamachita mofanana tsiku ndi tsiku umaona kumene zinthu zikulowera.

Kwa kakuda, mabwalo khumi anandipatsa asilikali asanu ndi awiri okha. Ndinasuntha lamina, ndinawerenganso, koma sizinasinthe. Kwa kofiira ndinapeza makumi atatu, pamalire penipeni pa galu wabwino.

Ndinabwerera pakhonde.

"Amayi, sindikuona kuti ndi chiphe. Mankhwala a makoswe amakhetsa magazi, inde, koma sapha asilikali a m'magazi chonchi, ndipo sabwera mwa ndondomeko iyi, kutentha thupi, kusanza, kenaka magazi. Awa ndi matenda otchedwa parivo. Chipangizo chotsimikizira ndilibe, koma zonse zikuloza kumeneko."

"Si munatibaya katemera tiagaluti inu nomwe sabata yatha?"

"Uja ndi wa chiwewe. Sateteza ku izi."

Ndinawafotokozera mmene ndikanathera. Kachilomboka kamalowera pakamwa, kuchokera m'chimbudzi cha galu wodwala. Masiku atatu mpaka asanu ndi awiri galu amaoneka wabwinobwino, kachilombo kakuswana kukhosi n'kulowa m'magazi. Kamafunafuna malo amene thupi limapanga zatsopano mofulumira: khungu la m'kati mwa matumbo, ndi mafuta a m'mafupa kumene asilikali amabadwira. Ndiye matumbo amasupuka, madzi ndi magazi n'kumatayika, tizilombo tina ta m'matumbo n'kupeza khomo lolowera m'magazi pa nthawi yomwe asilikali atha. Mankhwala opha kachilomboko ndinalibe. Ntchito yathu inali kusunga kagaluko kamoyo ndi madzi, kuletsa kusanza, ndi kutchinga tizilombo tinato ndi antibiyotiko, mpaka thupi litadzimanganso lokha.

Apongozi anamvetsera atatembenuzira kwa ine khutu lakumanja. Sanatsutse, koma sanavomerenso.

"Ndiye sindipita kumunsi lero," anatero. "Koma sindinaiwale."

Pamene ndinkatchula masiku aja, atatu mpaka asanu ndi awiri, m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Tsiku limene ndinabwera kudzabaya katemera wa chiwewe, m'mawa mwake ndinali pakhomo lina kutsidya la mtsinje kukaona ng'ombe yotupa. Kuseri kwa khola lawo kunali tiagalu titatu todwala, kamodzi katafa kale. Mwini wake anati ndi njoka zam'mimba. Ndinapondaponda pamenepo, ndinamva fungo lomweli, koma maganizo anali pa ng'ombe. Masana ndinafika kwa apongozi ndi mabota omwewo, ndipo tiagalu tiwirito tinkaluma zingwe zake posewera. Kuchokera tsikulo kufika pamene kakuda kanakana kudya panapita masiku asanu.

Apongozi sindinawauze zimenezi. Ndinavula mabota, ndinawamiza m'beseni la javeli, mankhwala oyeretsera opha tizilombo, ndinavala matapata. Ndinaimbira akuluakulu anga kupempha masiku ochepa, ndipo ndinakhala m'kanyumba ka alendo kuseri.

Kofiira ndinakapatula, ndinakagoneka kumapeto ena a khonde. Ndinakabaya mankhwala oletsa kusanza, ndinakathira soro wopanda gulukozi pansi pa khungu la pamsana, pakuti gulukozi pansi pa khungu amawononga mnofu. Panatupa kachulu kofewa kamene kanasungunuka m'maola ochepa, kusonyeza kuti magazi ake ankayendabe bwino.

Tsiku lachiwiri kakuda kanaoneka koipirapo. Kanatsegula m'mimba kasanu, sikankadzutsa mutu. Tinkasinthana kuyang'anira madontho, kusintha ziguduli, kuika mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsanza m'mbali mwake. Kofiira kanasanza kawiri, koma kanaimirira pondiona, kanagwedeza mchira.

"Soro yanuyi mukutayira mtembo," anatero apongozi. "Uyu wapita. Sungani ya mnzakeyo, amene akali ndi moyo."

Malamina ananena zina. Kakuda, asanu ndi anayi, kuchokera pa asanu ndi awiri. Kusiyana kotere sikutanthauza zambiri, koma sanatsike. Kofiira, khumi ndi anayi, kuchokera pa makumi atatu. Theka linapita tsiku limodzi.

Ndinakhala pampando paja nthawi yaitali. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Asilikali akamagwa chotero ndiye kuti kachilombo kali m'mafuta a m'mafupa, atsopano sakubadwa, ndipo otsalawo akuthera m'matumbo. Zoipa za kofiira zinali kutsogolo, pamene kakuda mwina kanali katafika pansi pa dzenje. Ndinayamba kukabaya kofiira antibiyotiko nthawi yomweyo. Chinanso choyenera chinali kulowetsa kateteri tsiku lomwelo, mitsempha ikadali yodzaza.

Koma kateteri anali atatsala mmodzi. Wa kakuda akanatha kutsekeka kapena kuzuka ola lililonse, ndipo popanda iye kakuda sikakanatha tsiku. Ndinayang'ana kofiira kakunyambita phazi lake padzuwa. Ndinadziuza kuti pansi pa khungu pakwanira kwa tsiku lina limodzi. Ndinaika kateteri uja m'thumba la malaya.

Tsiku lachitatu m'mawa apongozi anandiitana okha, osatuma munthu, osadzera ku Furancungo.

"Bambo, tabwerani. Kakuda kakundiyang'ana."

Kanali katadzutsa mutu. Sikanasanze kuyambira dzulo madzulo. Ndinaviika chala m'phala lamadzimadzi lothira msuzi wa nkhuku wopanda mafuta, ndinakapaka pamphuno. Kananyambita. Tinakapatsa supuni imodzi, n'kudikira ola, n'kupatsanso ina. Matumbo osupuka amapola msanga akamalandira kachakudya pang'onopang'ono kusiyana ndi kuwasiya opanda kanthu.

Kofiira kanali katagona m'dziwe la magazi. Soro ya dzulo madzulo inali ikadali kachulu pamsana, yosasungunuka. Thupi linali litatseka njira za kukhungu kuti lisunge magazi a mtima ndi mutu, ndipo madzi a pansi pa khungu analibenso ntchito.

Ndinatulutsa kateteri. Apongozi anagwada osauzidwa, anafinya mwendo. Mtsempha umene dzulo ndikanaupeza nditatsinzina unali utaphwa ngati ulusi. Ndinalephera mwendo woyamba. Ndinalephera wachiwiri. Thukuta linkatsika ngakhale kunali chisanu. Ndinameta mwendo wakumbuyo, ndinayesa ndi nsonga yobuntha kale, ndipo mwa chisomo kadontho ka magazi kanaonekera. Ndinatsegula soro, ndinabaya antibiyotiko mumtsempha momwemo, ndinapaka madzi a shuga pankhama.

Dzuwa litakwera ndinawerenga. Kakuda, makumi awiri ndi awiri, ndipo pakati pawo panali ana, asilikali amene pakati pawo sipanagawike, popindika ngati kanyemba. Amenewo amatuluka mafuta a m'mafupa akadzuka n'kuyamba kutumiza ngakhale osakhwima. Kofiira, anayi.

Apongozi anali ataima kumbuyo kwanga. Sindinawamve akubwera.

"Mumaona chiyani m'menemo, choti nkhope yanu izisintha chonchi?"

Ndinadzuka, ndinawapatsa mpando. Anatseka diso limodzi ndi dzanja, anawerama. Poyamba anati akungoona mdima, ndipo ndinawakonzera kagalasi. Ndinaika lamina ya kakuda.

"Tofiirato tisiyeni. Funani tobiriwira, tokulirapo."

"Aka. Ndi aka. Eee, ndi kena aka."

Ndinasintha, ndinaika ya kofiira. Ndinkasuntha pang'onopang'ono iwo akuyang'ana. Bwalo loyamba, lachiwiri, lachitatu.

"Mulibe," anatero. Anakhalabe chiweramire. "Muli ngati mudzi wa nthawi ya nkhondo, anthu onse atathawira ku Malawi."

Iwo anaiona nthawi imeneyo ndi maso awo, ali mtsikana. 

Masana amenewo, titakhala kumapeto awiri a khonde, aliyense ndi botolo lake loliyang'anira, ndinawauza. Ndinayamba ndi ng'ombe yotupa, tiagalu takuseri kwa khola, mabota, masiku asanu. Ndinati sindingalumbire, pakuti kachilomboka kamayendanso pamapazi a aliyense, pamatayala, ngakhale pa ntchentche, ndipo kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Koma masiku ankagwirizana ndi ine. Ndinawauzanso za kateteri amene ndinamusunga m'thumba dzulo lonse, magazi atandiuza kale zochita.

Anapitiriza kuyang'ana madontho, milomo ikuwerenga. Ndinaganiza kuti mwina ndalankhulira kukhutu logontha.

"Mukanakhala chete," anatero pamapeto, "ine ndikanafa ndikudana ndi munthu wosalakwa."

Kenaka anafunsa ngati kakuda kangadye supuni ina.

Za kateteri sananenepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ine ndazitembenuza kambirimbiri. Wa kakuda sanatsekeke mpaka tsiku lomuchotsa, choncho ndimaoneka wolakwa. Akanatsekeka ndikanaoneka wanzeru. Sindidziwanso ngati tsiku limodzi la soro mumtsempha likanapulumutsa kofiira, chifukwa soro sabweza asilikali, ndipo pali tiagalu timene timafa ngakhale m'zipatala za mumzinda zokhala ndi zonse. Ndinalibe mchere wa potasiyo wowonjezera m'botolo kapena njira yomuyezera, ngakhale ndinkadziwa kuti kagalu kosanza ndi kotsegula m'mimba kamataya wambiri. Chimene ndikudziwa n'chakuti lamina inandiuza zoona tsiku lathunthu thupi lisanazionetse, ndipo ine ndinakhulupirira mchira.

Tsiku lachinayi terimometiro ya kofiira inatsika pansi pa trinta-i-seti, madigiri makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Apongozi anakagwira mphumi, nkhope yawo inawala.

"Kutentha kwatha."

"Si kuchira kumeneko, amayi. Thupi latopa kulimbana."

Nkhama zake zinali zotuwa ngati phulusa, mapazi ozizira. Tizilombo ta m'matumbo tinali titalowa m'magazi, ndipo munalibe wotiletsa. Ndinawonjezera soro mofulumira kawiri, ndinayeza, palibe chinasintha. Pa lamina, mabwalo khumi anandipatsa msilikali mmodzi. Apongozi anakakulunga m'chitenje chawo chakale, anakaika pamiyendo, chubu chili lendelende kuchokera kudenga. Kanafa dzuwa litangopendeka, anthu akubwera kuchokera kuminda ndi matumba a kachewere pamitu.

Ndinakumba dzenje lakuya kumapeto kwa munda, kuti agalu ena asafukule. Chitenje chinapita nako. Ziguduli zonse ndinatentha. Mbale, sikelo, simenti ya pakhonde, ndinayamba ndatsuka ndi sopo, kenaka ndinathira javeli, kapu imodzi pa makapu makumi atatu a madzi, n'kusiya kanthawi asanaume. Dothi la pabwalo silitsukika. Ndinawauza apongozi kuti asalandire kagalu kena kosabayidwa pakhomopo mpaka chaka chitatha, ndiponso kuti kakuda kasatuluke m'mudzi kwa masabata angapo, chifukwa kochira kamatulutsabe kachilombo m'chimbudzi.

Tsiku lomwelo asilikali a kakuda anapitirira makumi anayi. Ndinachepetsa madontho ndi theka, chifukwa kanayamba kumwa kokha. Tsiku lachisanu kanadya phala ndi nyama ya nkhuku yonyenyanyenya, ndipo chimbudzi chake, ngakhale chofewa, chinalibe magazi. Lachisanu ndi chimodzi ndinachotsa kateteri. Kanatsika pakhonde kakudzandira, nthiti zonse zikuwerengeka, kanapita kumapeto kumene mnzake ankagona, kananunkhiza simenti ya javeliyo n'kuyetsemula.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinaona apongozi akutsikira kumunsi atanyamula dengu la kachewere. Anakhalako nthawi. Pobwera anali ndi bambo aja, munthu wamtali wa imvi amene anavula chipewa pondipatsa moni. Sindikudziwa zimene anakambirana, ndipo sindikhulupirira kuti anawauza zoti ankawaganizira chiphe. Bamboyo anati galu wake wamkazi ali ndi ana anayi a mwezi umodzi, ndipo wamva kuti kuli matenda. Ndinamuuza kuti asalowe pabwalo, tinakambirana pamsewu. Ndinamufotokozera kuti mkaka wa make umateteza ana masabata oyamba okha, mphamvuyo n'kumatha pang'onopang'ono, ndipo katemera wa parivo amayamba ana akakwanitsa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, n'kumabwerezedwa mpaka miyezi inayi. Katemerayo si wa boma ngati wa chiwewe, ndipo amafuna kuyenda m'madzi oundana. Tinagwirizana kuti apeze anzake ena a tiagalu, ine ndiitanitse kumzinda kamodzi.

Mkazi wanga anabwera pa shapa, minibasi ya kuno, sabata yotsatira, sukulu itatsekera. Ndinali nditabwerera kudzaona kakuda, ndipo anatipeza ine ndi amayi ake titakhala pakhonde limodzi tikukangana ngati kakuda kayenera kuyamba kudya mafupa. Anaima pabwalo ndi chikwama chake, anayang'ana ine, anayang'ana iwo.

"Kodi ndaphonya chiyani?"

"Galu wafa," anatero apongozi, n'kudzuka kukamulandira chikwama.

Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi botolo la javeli ndi burashi, ndipo ndimatsuka mabota pachipata chilichonse ndisanalowe ndiponso potuluka. Alimi ena amaseka, ena amakhumudwa poganiza kuti ndikunena kuti pakhomo pawo ndi pauve, ndiye ndimafotokoza. M'bokosi langa simusowa makateteri ang'onoang'ono asanu. Ndachizapo tiagalu tina ta parivo kuchokera nthawi imeneyo, ku Tsangano ndi kumidzi ya ku Macanga ndikapita kwa mkazi wanga. Tina tinachira, tina ayi. Ndikaona asilikali atsika ndi theka sindidikiranso kuti kagalu kagwe.

Kakuda kanakula, ngakhale sikanafike msinkhu wa abale ake a kwa achimwene a apongozi. Ndi galu wochenjera, wa makutu akuthwa, ndipo amagona pakhomo penipeni pa chipinda cha apongozi. Anthu a m'mudzi onse amawadziwa, sawauwa. Ine ndekha, akangomva mota yanga ikukwera chitunda, amathawira pansi pa nkhokwe n'kumandiuwa ali komweko mpaka nditachoka.